Kapena Bambo Ake

Anti a pageti ya sukulu ya mkaka ndi amene anandiuza, ndipo anandiuza akumwetulira.

"Amake Kachiwala, koma ndiye mumabisatu! Mwagwirizana osatiuza?"

Ndinali nditagwada, ndikumanga zingwe za nsapato za mwana wanga. Kachiwala ndi dzina limene anamupatsa pasukulu ya mkakayo chifukwa sayenda, amangodumpha. Ali ndi zaka zitatu.

"Tagwirizana ndi ndani?"

"Iii, inunso! Abambo ake anabwera masana ndi kalata yanu. Aulemu bwanji bambo amene aja. Kungoti ahedi anali atatuluka, ndiye ine ndinati pepani bambo, munthu amene sindinamuonepo sindingamupatse mwana ahedi kulibe, mubwere mawa. Iwo sanavute ayi. Angoti mawa si kutali."

Chingwe chinandipulumuka m'zala. Ndinayang'ana kumsewu. Kunali galimoto yoyera itaima pansi pa mtengo, munthu wogulitsa mabaluni, agalu awiri. Ndinayang'anabe galimotoyo mpaka munatuluka mayi wina amene sindimudziwa.

Ine ndi mwamuna wanga tinasiyana mvula isanayambe. Zimene zinkachitika m'nyumba muja sindilemba pano. Nkhani ya mwana ili kukhoti, ndipo akhoti ananena kuti mpaka adzagamule, mwana akhale ndi ine, bambo ake azimutenga pokhapokha ine nditalola. Tsiku limenelo tikutuluka, iye anandiyandikira pamasitepe n'kulankhula motsitsa, ngati munthu wofunsa njira: "Tsiku limene ndidzamunyamule, udzamuonera pa chithunzi." Kwawo ndi kutali, ndipo amayi ake akhala akumufuna mdzukuluyu kuyambira ali m'mimba.

Pasukulupo lamulo ndi lakuti mwana amaperekedwa kwa amene mayi ake walemba ndi dzanja lake. Makolo ambiri amakhala kuntchito, ndiye amalemba, n'kujambula pepalalo, n'kutumiza kwa wokatenga mwanayo. Iye amaonetsa pafoni kapena amapulinta. Lamulo limeneli ndi limene linandikopa kuti ndimulembetse pamenepo.

Ndinamunyamula Kachiwala ngakhale anali kukana, n'kulowa naye mu ofesi.

Ofesi ya ahedi ndi kachipinda kopapatiza. Muli tebulo, kabati yachitsulo, mulu wa timatiresi togonera ana masana, ndi fungo la sopo losakanikirana ndi la choko. Ahediwo ndi mayi wachikulire, magalasi awo amalendewera pa chingwe. Ndi munthu wabwino, koma ali ndi matenda amodzi: sangaone banja litasweka osafuna kulisoka.

"Khalani pansi, mwana wanga. Mukupuma ngati mwathamanga."

"Ahedi, ine sindinalembe kalata iliyonse."

Sanadabwe. Zimenezo ndi zimene zinandiopsa poyamba. Anangotsegula kabati, n'kutulutsa pepala, n'kuliika patsogolo panga.

Linali lopulinta, la mitundu. Pa ilo panali chithunzi cha kapepala ka mizere kong'ambidwa m'kope, kopindika pakati, kolembedwa ndi bolopeni ya buluu. Zilembo zanga n'zazikulu, ndipo ndinazidziwa ndisanaziwerenge n'komwe.

Aphunzitsi,
mwana wanga lero
atengedwa ndi
azakhali ake kapena bambo ake
Zikomo
Amake Kachiwala

Kapepalako ndinakakumbukira. Ndinakalemba mwezi wathawo ndili chiimire pakauntala, kusitolo ya mankhwala kumene ndimagwira ntchito. Tsikulo ndinkaopa kuti ndichedwa kuweruka, ndiye ndinakapereka kwa mlamu wanga, mchemwali wa mwamuna wanga, amene pa nkhani yonseyi anali kumbali yanga. Sindinachedwe. Kapepalako sikanafike kusukulu, ndipo ine ndinakaiwala. Tsiku sindinalembepo. Ndinangoti lero.

"Ili si dzanja lanu?" anafunsa ahedi.

"Ndi langa. Koma mawu atatu awa si anga."

"Ati?"

Ndinaloza. Kapena bambo ake.

Ahedi anavala magalasi, n'kuyang'ana, n'kuwavulanso.

"Anti akuti bambowo ananena kuti mwina mukana. Akuti masiku ano mutu wanu sukugwira bwino. Mumalola chinthu m'mawa, madzulo mwaiwala."

"Ananena choncho?"

"Sananene monyoza ayi. Akuti ananena momva chisoni."

Kachiwala anali atalowa pansi pa tebulo, akulankhula ndi nsapato za ahedi. Ine ndinayang'anitsitsa mawu atatu aja, ndipo ndinene zoona, kwa kanthawi ndinadzikayikira. K anali wanga, wa mwendo wautali wothamangira kutsogolo. A anali wanga, wosatseka bwino pamwamba. Inki inali yomweyo, yakuda pamene ndimatsitsa dzanja, yopyapyala pamene ndimakweza. Ndinadzifunsa kuti kodi tsiku lija ndinali wotopa chotani.

"Ndiye lembani ina yoletsa, nkhani ithe," anatero ahedi.

"Ndikalemba, mawa abwera ndi ina yonena kuti ndasinthanso maganizo. Mudzamvera iti?"

"Ndi zimene ndikukana ine zimenezo. Chaka chatha mayi wina analemba yekha, kenako n'kukana, apolisi anadzaima pageti panga ana akuona. Ine sindikhala mpira wa anthu awiri. Bambo ali ndi pepala la dzanja lanu, khoti linati mukalola atenge. Ngati ndi labodza, ndionetseni bodzalo. Mukalephera, mwana wanga, mawa ine ndilibe pogwira."

Ndinatuluka pakhonde kukaimbira mlamu wanga.

"Alamu, kapepala kaja ndinakupatsani ka kusukulu, kali kuti?"

"Kati? Oo, kaja. Kali m'chikwama." Ndinamva zipi ikutseguka, makiyi akulira. Anafufuza, n'kufufuzanso.

"Alamu?"

"Achimwene anabwera Lamlungu kudzaona ana. Anapempha chaja ya foni, ine n'kuti tengani m'chikwamamo."

"Mungabwere mudzawauze ahedi zimene zinalembedwapo?"

"Alamu, ine sindinakawerenge bwinobwino. Ndiponso musandilowetse. Uja tinabadwa mimba imodzi."

Anadula.

Mwamuna wanga amagwira ntchito m'shopu yojambula ndi kupulinta. Anzake amamutcha Dotolo, chifukwa chithunzi chikabwera chong'ambika, chodyedwa ndi chinyezi, iye amachichiritsa. Ndili ndi pakati ndinkamupititsira chakudya masana, n'kukhala pa kampando kumbuyo kwake, pakati pa makatoni a mapepala, chifukwa munali mphepo yozizira. Nthawi imeneyo ndinkakonda kumuonerera.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye ndi pemphero limene malemu amuna ake analemba pamanja. Madzi anali atadya mawu angapo kumapeto, ndipo iye ankafuna kuliika m'felemu. Mwamuna wanga analiika pa sikana, n'kulikuza pa kompyuta mpaka chilembo chimodzi chinadzaza sikirini yonse.

"Taona iwe," anatero. "Dzanja lililonse lili ndi mphepo yake. Uyambe wadziwa kumene ikuwombera."

Anajambula timizere tofiira totsata ndodo za zilembo zitalizitali, l, k, b, d, kuti aone mmene zikupendekera. Kenako anakoka timizere tomweto n'kukatiika pamalo pofufutika paja, kuti chilembo chatsopano chizitsamira pa ito. Zilembo zimene zinalipo kale penapake m'pempherolo ankazidula n'kuzibweretsa, koma sankazisiya choncho. Chilichonse ankachipotoza pang'ono, apa kufupikitsa mchira, apa kutsegula mimba.

"Munthu salemba a wofanana kawiri. Ukapeza awiri ofanana ndendende, dziwa kuti pamenepo padutsa wakuba."

Zimene kunalibe ankazilemba yekha, pa kathabwa kapulasitiki, ndi cholembera chopanda inki. Akadinikiza, mzere pa sikirini unkanenepa n'kuda. Akapepuza dzanja, unkaonda. Mtundu wa inki ankautapa m'zilembo za malemuwo, wina wa pakati pa mzere, wina wa m'mphepete, chifukwa inki papepala si mtundu umodzi. Pamene mizere iwiri yadutsana ankadetsapo pang'ono. Ankaika ngakhale kadontho kamene bolopeni imasiya ikamakhota, ndi timipata toyera pamene inadumpha. Pomaliza ankafewetsa m'mphepete mwa zilembo zatsopanozo, n'kuwazapo timchenga tofanana ndi ta pepalalo, kuti zisaoneke zosalala kuposa zinzake.

Chilembo chimodzi anachilemba n'kuchifufuta mpaka ine ndinayamba kusinza.

"Papepala ukalakwitsa walakwitsa," anatero. "Apa ndimabwerera m'mbuyo mpaka wakufayo avomere."

Mayi wamasiye uja ataona, analira, n'kumugwira dzanja. Ine ndinanyada tsiku limenelo.

Ndinabwerera mu ofesi ndi zonsezi m'mutu. Ndinapempha ahedi kuti ayatse nyali, n'kutenga foni yanga, kujambula pepalalo ndi kulikuza ndi zala.

Ndinayamba ndi a. M'mawu atatuwo muli a anayi. Ndinawayerekeza ndi a wa mwana, a wa wanga, a wa azakhali. Panalibe awiri ofanana. Ake womalizayo sanali ake woyamba uja, ngakhale kukanakhala kosavuta kungomukopera. Ndinayang'ana m'mphepete mwa zilembo ngati muli mosalala, koma pepalali linali litadutsa m'pulinta, timadontho ta pulintayo tinaphimba zakale ndi zatsopano mofanana. Ndinadziwa chifukwa chake anabweretsa lopulinta osati kutumiza pafoni.

Ndiye ndinaganiza za b. M'kapepala kanga konse munalibe b, choncho awiri a mu bambo anachita kuwalemba yekha. Apa ndiye ndamugwira, ndinatero mumtima. Ndinakuza.

B wanga ndimamuyamba ndi kandowe kakang'ono pamwamba, ndipo mimba yake sindiitseka, imasiya kampata kumunsi. Ndi chizolowezi cha kupulaimale, ine mwini sindinkachilabadira. Kandoweko kanalipo. Kampatako kanalipo. Wachiwiriyo anali wofupikirapo pang'ono, ngati mmene ndimachitira ndikamafulumira.

Ndinaika foni pansi. Munthu amene sanadziwepo nambala ya nsapato zanga ankamudziwa b wanga chonchi. Anamuyang'ana liti? Kwa nthawi yaitali bwanji?

"Mwapeza?" anafunsa ahedi. Anali atayamba kulongedza chikwama chawo. Kunja ana onse anali atapita, anti akusesa.

"Amayi, ndikufuna kukodza," anatero Kachiwala pansi pa tebulo.

Anti anamutenga. Ine ndinatsala ndi pepala. Ndinalikankhira kutali chifukwa maso anali kuwawa, ndipo lili kutaliko, ndinaona mzere wachinayi uja wonse pamodzi. Unali wautali kuposa ina yonse, wofika kumapeto kwa pepala. Unali wokongola. Unali wokongola kuposa mzere uliwonse umene ndinalembapo.

"Ahedi, ndibwerekeni rula ndi pensulo."

Ndinachita zimene ndinamuona akuchita. Ndinaika rula pa ndodo ya h mu Aphunzitsi n'kujambula mzere wautali. Kenako pa l wa lero, pa d wa atengedwa, pa k ndi h ndi l a azakhali. Mizere yonse inapendekera kumanja pang'ono, mofanana, ngati mvula yopanda mphepo yambiri. Ndinapitiriza pa k wa kapena, pa b awiri aja, pa k wa ake womaliza. Nayonso inapendekera chimodzimodzi.

"Mwaonatu," anatero ahedi. "N'zofanana."

"Ndiye bodzalo limenelo."

"Mwayamba kundizunguza mutu tsopano."

Ndinawafotokozera. Ine polemba dzanja sindilisuntha. Ndimakhazika mkono kumanzere kwa pepala, zala zokha n'kumatambasuka. Mpaka pakati pa mzere zilembo zimaima bwino. Kupitirira pamenepo zimayamba kugwa chakumanja, zimachepa, ndipo inki imayera chifukwa zala zikatambasuka sizidinikizanso. Aphunzitsi anga a kusekondale ankati zilembo zanga zimanyamuka zili bwino koma zimafika zitaledzera. M'kapepala aka mizere yonse inali yaifupi, inathera pakati. Iye anayeza kupendekera kwa theka la kumanzere, n'kukupititsa kumanja kumene dzanja langa silifika lili choncho. Anayeza bwino kwambiri. Kungoti analibe poonera mmene ndimathera.

Ahedi anang'amba pepala m'kope lawo, n'kundipatsa bolopeni.

"Lembani ndione. Mawu omwewo, mmene alili apa."

Ndinalemba. Sindinaganize kawiri, ndinkangofuna andikhulupirire dzuwa lisanalowe. Aphunzitsi, mwana wanga lero, zonse, mzere ndi mzere. Nditafika pa kapena zilembo zinayamba kugwa, bambo anagwa kwambiri, ake womaliza anachita kukwawa, wotuwa ngati bolopeni ikutha. Ndinamaliza ndi Zikomo, n'kulemba Amake Kachiwala pansi, monga dzanja linazolowera.

"Mwina mukuchitira dala," anatero ahedi, koma mawu awo anali atafewa. Anatsegula kabati n'kutulutsa kalata imene ndinalemba pomulembetsa mwana, yofotokoza za chifuwa chake ndi zakudya zimene sadya. Inali ya mizere yaitali. Anaika rula okha, kumanzere, kenako kumanja. Anayesa mzere wina, n'kuyesanso wina.

"Mayo ine," anatero. "Onse aledzera."

Ndinaseka, koma misozi ili m'maso.

"Ndiye bambo amene uja wandiyesa chitsiru, eti? Ine ndi imvi zangazi? Pitani, mwana wanga. Mwanayu satuluka pageti pano popanda nkhope yanu. Abwere mawalo, andipeza."

Panjira ndinamugulira Kachiwala baluni yofiira. M'basi ndinakhala pafupi ndi chitseko, ndipo tinatsikira siteji ya patsogolo n'kubwerera wapansi, monga ndimachitira ndikakhala kuti sindikudziwa amene ali kumbuyo kwanga.

M'mawa mwake ndinafuna kujomba, koma mnzanga wa pakauntala anali kuchipatala ndi mwana wake, ndipo madamu, eni sitolo, anali atanena kale kuti amene ajombenso asabwerere. Wosiyira mwana ndinalibe. Ndinamusiya kusukulu, nditawakumbutsa anti kawiri, mpaka anati, "Amake Kachiwala, tamva, si ife ogontha."

Tsiku lonse foni inali m'thumba la yunifolomu, ndikuigwiragwira. Bambo wina anapempha mankhwala a chifuwa, ine n'kumupatsa a m'mimba. Madamu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe, ukufuna utiphere makasitomala? Thupi lili pano, mutu uli kuti?"

Palibe anaimba. Pofika masana ndinayamba kuganiza kuti mwina sabwera. Kenako ndinaganiza kuti mwina wabwera kale ndipo akuopa kundiuza. Nditaweruka ndinathamanga.

Kachiwala anali pakhonde, akudumpha kuchoka pa sitepe. Ndinamukumbatira mpaka anati, "Amayi mukundipweteka."

Ahedi anatuluka okha mu ofesi, nkhope ikuwala.

"Lowani, lowani mumve. Anabweratu mkulu uja. Atavala jekete, ndi chidole m'manja."

"Anamuona mwana?"

"Ataona chiyani? Ndinamulowetsa muno, n'kutseka chitseko. Ndinati bambo, khalani pansi, lero muphunzira. Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri, wamkulu mmodzi sangandikanike."

Ndinayang'ana patebulo. Panali rula. Panali pepala lopulinta lija ndi mizere yanga ya pensulo. Pambali pake panali pepala limene ndinalemba dzulo lake, litayalidwa bwinobwino.

"Ahedi, munamuonetsa chiyani?"

"Zonse! Ndinati onani apa, zanuzi zaima ngati asilikali. Onani za mayi ake enieni, zagona. Ndinamuuza za mkono uja, za inki kuyera kumapeto, zonse mmene munandiuzira. Ndinati bambo, luso muli nalo, koma mkazi wanu simumudziwa."

"Iye anati chiyani?"

"Anagwa nkhope. Anangoti, 'Zoona amayi, apa ndiye sindinaone.' Anaziyang'anatu nthawi yaitali. Anafunsanso ngati zimayamba kugwa pakati penipeni kapena chakutsogolo pang'ono. Ndinati yezani nokha, rula ndi iyi."

"Anayeza?"

"Anayeza. Munthu akagwidwa amafatsa."

Ndinaloza pepala limene ndinalemba dzulo lake lija.

"Pepala ili analigwira?"

"Ayi, kutenga sanatenge, ndikanalola? Anangopempha kuti ajambule, akuti akawaonetse amene anamupatsa kalatayo, chifukwa akuti iyenso anachita kupatsidwa. Bodza lake lomwelo. Ndinati jambulani, mukawaonetse manyazi anu. Anachita kuliyala pawindo apa kuti kuwale bwino."

Ndinatenga pepalalo. Ndinaliwerenga ngati sindinalionepo. Panalibe mzere wolikhwatcha. Panalibe mawu onena kuti n'loyeserera. Panalibe tsiku. Panali dzanja langa lenileni, kuyambira pamwamba mpaka pansi, likunena kuti mwana wanga atengedwa ndi bambo ake.

Ahedi anali akulankhulabe. Kenako anaona nkhope yanga, n'kuyang'ana pepalalo, ndipo ndinaona zikuwafika pang'onopang'ono. Anakhala pansi.

"Koma ine ndikudziwa mmene linalembedwera," anatero. "Ndinalipo. Pano sangabwere nalo."

"Mumakhala pano masiku onse?"

Tonse tinkadziwa kuti sabata yotsatira ankapita kukaona mwana wawo amene wachira kumene, ndipo pa mpando wawo pankakhala mphunzitsi wobwereka.

"Ndiwauza onse. Ndilemba pakhoma."

"Nanga kukhoti? Akakaonetsa kuti ndinalola ndekha, kenako ndinakana? Ananena kale kuti ndimaiwala."

"Ndidzapita kukachitira umboni, mwana wanga. Ine ndimafuna kukuthandizani."

"Ndikudziwa."

Ndinang'amba pepalalo tizidutswa ting'onoting'ono n'kuika m'thumba. Sizinathandize kanthu, koma manja ankafuna chochita. Kenako ndinapita m'kalasi. Ndinachotsa chikwama cha Kachiwala pa msomali wake, kapu yake yachikasu, zovala zosinthira, kabulangeti kake. Anti anaima pakhomo ndi tsache.

"Mukuchapa zonse lero? Si Lachisanu lerotu."

"Sabweranso, anti."

"Iii. Chifukwa cha dzulo lija? Koma ine sindinamupereke."

"Munachita bwino. Zikomo."

Kachiwala anafuna kutsanzika kalulu wa m'khola la kuseri, ndinamukaniza. Analira mpaka pa siteji.

Tili pa sitejipo ndinkawerenga m'mutu sukulu zina za mkaka zimene ndimazidziwa. Ina ili kuseri kwa msika, ina pafupi ndi tchalitchi, ina yodula kufupi ndi kuntchito kwanga. Ndinati ndiyamba ndi ya kumsika, iye sangaiganizire.

Foni inanjenjemera m'thumba. Nambala yosadziwika. Panalibe mawu, chithunzi chokha.

Linali pepala langa la dzulo, koma osati mmene ahedi analiyalira pawindo. Mthunzi wa zitsulo za pawindo unali utachoka. M'mphepete munali mowongoka. Pamwamba, kudzanja lamanja, pamene ine sindinalembepo kanthu, panali tsiku la Lolemba likudzalo, m'manambala anga. Ndinakuza ndi zala. Manambalawo anali kumapeto kwa pepala, ndipo anali atagona chakumanja, aang'ono, otuwa, ngati zala zinali zitatopa pofika pamenepo. Ndinayang'ana mpaka basi inabwera n'kupita. Sindinapeze cholakwika.

Kenako ndinawerenganso mawu oyamba. Aphunzitsi. Sanatchule sukulu. Ya kumsika ili ndi aphunzitsi, ya kutchalitchi ili ndi aphunzitsi, yodula ija ilinso nawo.

Ndinaimbira madamu.

"Madamu, mawa ndibwera ndi mwana."

"Ndi mwana? Muno ndi mogulitsira mankhwala, si kusukulu ya mkaka."

"Akhala pansi pa kauntala, pamapazi anga. Sasokoneza."

"Uja wodumphadumpha uja? Mpaka liti?"

"Mpaka khoti."

"Ndikakana?"

"Ndiye mupeze wina, madamu."

Ndinkamva firiji ya m'sitolo ikulira kumbuyo kwawo.

"Akathyola botolo limodzi lokha, nonse awiri mutuluka. Ndipo malisiti uzilembabe, usaganize kuti wapeza tchuthi."

Malisiti athu ndi a pamanja. Kasitomala aliyense amatuluka ndi kapepala ka dzanja langa.

"Malisiti azilemba mnzanga," ndinatero. "Ine ndizitenga mankhwala pa shelefu."

"Iwe, wadwala dzanja?"

"Eya, madamu."

Basi ina inaima. Ndinamukweza Kachiwala, ndinakhala naye pafupi ndi chitseko, chikwama chake pamiyendo panga, dzanja langa litagwira kolala ya diresi lake.